Tsiku Limene Mwawi Analemba Kuti "Onse"

Mwawi Luhanga ndinagwira naye ntchito zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo pa zaka zonsezo ndinamuona akulakwitsa kamodzi kokha. Ndayamba ndi mawu amenewa chifukwa ku Area 23 alipo anthu amene mpaka lero akamva dzina lake amati, "Uja anasokoneza za chipatala uja?" Ndikamva choncho mtima umandiwawa, koma kawirikawiri ndimangokhala chete.

Ine ndine Kizito. M'zaka zimenezo ndinkajambula mapulani a nyumba pa kaofesi ka a Masiye ku Old Town, pamwamba pa sitolo ya nsalu. A Masiye ndi amene ankaganiza mmene nyumba ikhalire, ine kwanga kunali kutsatira ndi pensulo ndi lula. Tinalimo atatu basi: eni ake, ine, ndi Mwawi amene anali mlembi. Iye ankatayipa makalata, kuyankha foni, kusunga mafayilo, komanso kulemba maminitsi a misonkhano.

Kwawo kunali ku Rumphi. Anabwera ku Lilongwe ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi bambo ake atamwalira, ndipo anafikira ku Area 47 kwa amalume ake, a Kings Zgambo. Iye ankawatchula kuti asibweni, monga amanenera kwawoko. A Zgambo ankagwira ntchito m'boma, anali munthu wa jekete ngakhale dzuwa liswe mtengo, ndiponso mkulu wa mpingo. Ndi iwo anamupezera malo ku sukulu ya ulembi, ndi iwo anayendetsa za ukwati wake, ndipo mwamuna wake atamwalira mu 1993 ndi iwonso anaima pamaliro. Mwawi akamalankhula nawo, ngakhale pafoni, mawu ake ankatsika okha ngati wagwada.

Mwamuna atapita anatsala ndi ana awiri, n'kuwonjezerapo mtsikana wa malemu mkulu wake. Ankachita lendi zipinda ziwiri ku Kawale 2, ndipo m'mawa uliwonse ankabwera ku ofesi wapansi, nsapato za mu ofesi zili m'jumbo. Analibe munda, analibe geni. Ana atatu aja ankadya, kuvala ndi kugona m'nyumba chifukwa cha ntchito imeneyi, ndipo iye ankanena yekha kuti ikadzatha sakudziwa kumene adzalowere.

Ndifotokoze za maminitsi ake, poti ndi pamene pagona nkhani. Nyumba yaikulu sajambula munthu mmodzi. A Masiye ankajambula zipinda ndi makomo. Injiniya wa zitsulo ankajambula maziko ndi konkire. Injiniya wa madzi ankajambula mapaipi. Aliyense ankakhala ku ofesi kwake, ndiye mukapanda kuwakumanitsa mudzapeza paipi ikufuna kudutsa pamene mnzake waikapo chipilala. Choncho Lachinayi, pakatha milungu iwiri iliyonse, onse ankakumana pamodzi ndi kontirakitala ndi eni nyumba, mapulani ali yale patebulo, kuti agwirizanitse zojambula zawo.

Pamisonkhano yotere anthu amalankhula zokoma kwambiri. "Tiona." "Zimenezo n'zosavuta." "Tichita mwamsanga." Mwawi mawu oterowo sankawalemba n'komwe. Pepala lake linali ndi magawo anayi: nambala ya mfundo, chochita, wochita, ndi tsiku lomaliza. Nkhani ikakambidwa anthu n'kufuna kulumphira ina, iye ankakweza pensulo.

"Pepani mabwana, achite ndani?"

Akatchula dzina, pensulo inkakhalabe m'mwamba.

"Pofika liti?"

Mainjiniya anamupatsa dzina loti Mayi Pofikaliti. Ankamuseka, koma ankamuopanso, chifukwa Lolemba pepala linkakhala litafika kwa aliyense, ndipo msonkhano wotsatira unkayamba ndi kuwerenga mfundo zakale imodziimodzi. Yachitika, ankaitseka. Sinachitike, ankaibweretsanso ndi dzina lomwelo, pambali pake atalemba kuti "sizinachitike." Ine ndinaonapo amuna a ndevu zawo akuchita thukuta chifukwa cha mawu amodzi amenewo.

Mu 1996 tinapatsidwa ntchito ya kachipatala ka amayi oyembekezera ku Area 23. Kanali ka mpingo wina wa anthu ambiri ochokera kumpoto, mothandizidwa ndi bungwe lina lakunja. Kontirakitala anali a Kassimu a ku Mangochi, munthu wosachedwa kupsa mtima koma wa ntchito yaukhondo. Injiniya wa madzi anali a Latif. Ndipo woimira mpingo, wapampando wa komiti yomanga, anali a Zgambo, amene panthawiyo anali atapuma ntchito. Tsiku limene Mwawi anamva zimenezi anangoti, "Koma ndiye ndaziona," n'kupitiriza kutayipa.

Miyezi yoyamba anapirira. Kawiri konse analemba dzina la asibweni ake ndi mawu aja oti "sizinachitike," koyamba pa kalata ya malire a malo, kachiwiri pa kusankha mtundu wa mawindo. Ankalemba nkhope ili gwa, koma ndinkaona kuti akamayika pepalalo mu envelopu ya a Zgambo ankachedwa kumata.

Msonkhano wa Lachinayi pa 3 Okutobala unachitikira m'kashedi ka malata pamalo omangapo. Kunali kutentha koopsa. Maziko anali atakumbidwa, makoma apansi atakwera, ndipo chotsatira chinali kuyala mapaipi a zimbudzi pansi kenako kuthira silabu, konkire ya pansi pa nyumba. Apa ndi pamene a Latif anatulutsa vuto. Pa pulani imene inalipo, imene tinkaitchula kuti B, thanki ya zimbudzi ndi dzenje lomwera madzi oipa zinali kumadzulo. Koma atayenda ndi tepi anapeza kuti kuseri kwa mpanda kuli chitsime chimene mabanja ambiri amatungapo, pa mtunda wa mamita khumi ndi awiri okha. Pankafunika mamita osachepera makumi atatu. A zaumoyo sakanalola, ndipo ngakhale akanalola, ndani angamange chipatala chodwalitsa anthu oyandikana nacho?

Njira inali imodzi: thanki ipite kum'mawa, mapaipi adutse pansi pa silabu n'kutulukira mbali imeneyo. Kuzunguliza kunja kwa nyumba sikukanatheka, chifukwa paipi ya chimbudzi imafuna kutsetsereka, ndipo pautali wotero kutsetserekako kukanatha isanafike. Malo a kum'mawa anali a mpingo womwewo. Vuto linali loti amayi a mumpingo anali atalimapo dimba la ndiwo, ndipo komiti inayenera kuwapempha, n'kuvomereza polemba kalata.

A Masiye anagawa ntchito momveka bwino. Mfundo 4.2: a Zgambo abweretse kalata ya mpingo yovomereza malo a kum'mawa pofika pa 10 Okutobala. Mfundo 4.3: a Latif, akalandira kalatayo, ajambulenso mapaipi pofika pa 17. Mfundo 4.4: injiniya wa zitsulo aonetse mabowo odutsira mapaipi pakhoma la maziko pofika pa 24, kuti pulani C ituluke. Mfundo 4.5: a Kassimu athire silabu pa 4 Novembala mvula isanayambe. Zinali zolumikizana ngati ngolo za sitima, ndipo mutu wake unali a Zgambo.

"Ntchito ya Mulungu ndi ya tonse," anatero a Zgambo akupukuta magalasi. "Tonse tiona."

"Ndi ya tonse ndithu, bambo," anayankha a Masiye, "koma kalatayo ndi yanu. Mwawi, walemba?"

"Ndalemba, bwana."

Ine ndinakhala pambali pake ndipo ndinaona m'kope lake. Analembadi dzina lawo ndi tsiku.

Titamaliza, a Zgambo anati atiperekeza ku tauni pa galimoto yawo yakale. A Masiye anali ndi kwina kopita, ndiye ndinakwera ine kumbuyo, Mwawi kutsogolo. Tisanafike n'komwe pamsewu wa tala anayamba. Ankalankhula Chichewa osati chilankhulo cha kwawo, mwina kuti ine ndimve ndi kudziwa kuti iwo si munthu wamba.

"Mwawi, mwana wanga, mapepala ako aja amawerengedwa pamaso pa akulu a mpingo. Ukudziwa?"

"Ndikudziwa, asibweni."

"Mwezi watha anawerenga kuti Zgambo sizinachitike, Zgambo sizinachitike. Anthu anaseka. Munthu wina amene ndinamulandira ine mu mzinda uno ali ndi kachikwama ka pulasitiki anaseka mpaka kutsokomola. Ndipo atafunsa kuti walemba ndani, ndinayankha kuti mwana wa mlongo wanga."

Mwawi ankayang'ana manja ake.

"Sindikukuletsa ntchito. Kalatayo ndibweretsa, n'kachinthu kakang'ono. Koma dzina langa lisamakhale pamndandanda ngati la wopalamula. Mwana salembera kholo lake tsiku. Kwathu zimenezo kulibe. Wamva?"

"Ndamva, asibweni."

Zoona zake, zimene aliyense wa mumpingomo ankazidziwa, n'zakuti a Zgambo ankawaopa amayi a dimba aja. Anali atakanganapo nawo pa nkhani ya mapoto a mpingo, ndipo anatuluka m'chipindamo jekete ili m'manja. Munthu amene ankanjenjemeretsa makalaliki m'boma sakanatha kuuza amayi asanu ndi atatu kuti azule mpiru.

Lachisanu m'mawa ndinamva makina a Mwawi akulira monga mwa masiku onse, kenako anangoti zii. Nditadzutsa mutu ndinamuona akupaka mankhwala oyera ofufutira aja pa pepala, n'kumauzira kuti aume. Ndinapita kukaima kumbuyo kwake. Pa mfundo 4.2, pamalo a wochita, anatayipa kuti "Onse." Tsiku analisiya momwemo, pa 10 Okutobala.

"Achemwali, mukutani?"

"Anena kuti abweretsa," anatero osandiyang'ana. "Akudziwa kuti ndi iwo. Aliyense anamva. Pepala ndi pepala chabe."

Mayi Pofikaliti kunena kuti pepala ndi pepala chabe! Ndikanaseka, koma nkhope yake inandiletsa. Ndinabwerera patebulo langa. Ndinadziuza kuti za pachibale sizindikhudza, komanso kuti a Masiye aona okha posayina. A Masiye anabwera masana akuthamanga, anasayina tsamba lomaliza ataimirira, n'kunena kuti, "Za Mwawi sindiwerenganso." Anali kumuyamikira. Lolemba mapepala anapita.

Pa 10 panafika, kalata kunalibe. Mwawi anaimba foni ku Area 47, anamuuza kuti a Zgambo atuluka. Lamulungu anapita yekha kukawaona ataweruka ku tchalitchi. Anabwera Lolemba maso ali ofiira, ndipo anandiuza zimene anamuyankha. Akuti anatenga pepala lija patebulo, n'kuloza ndi chala, n'kunena kuti, "Apa palembedwa kuti onse. Kodi ine ndine onse? A Masiye alembere komiti, tidzakambirana." Ankanena mosaseka. M'masiku ochepa okha anali atakhulupirira pepala limene anapempha okha.

Zikanakonzeka pa msonkhano wa pa 17. Powerenga maminitsi a msonkhano wapita, aliyense amaloledwa kukonza cholakwika asanawavomereze, ndipo a Latif kapena a Masiye akanati, "Apa si onse, ndi a Zgambo." Koma Lachiwiri la sabata imeneyo a Masiye analandira uthenga kuti mng'ono wawo wamwalira ku Ntcheu. Zaka zimenezo maliro ankabwera ngati minibasi, ina isanachoke ina yafika. Msonkhano unalephereka. Atabwerako ku maliro anagona ndi malungo aakulu, ndipo wa pa 31 unalepherekanso.

Ndiye ngolo zonse zinaima. Ndinapita kwa a Latif kukawapempha kuti angojambula osadikira kalata. Anandiyang'ana ngati ndawapempha kuti abe.

"Ayi achimwene, 4.3 ikuti ndikalandira kalata. Ndijambule thanki pa dimba la eni ake popanda chilolezo? Mawa akadzakana mudzati Latif ndi amene analakwa. Bweretsani kalata, masiku awiri ndamaliza."

Injiniya wa zitsulo naye anati akudikira a Latif. Sindikanawatsutsa. Aliyense ankachita ndendende zimene pepala linamuuza, ndipo pamzere umodzi wokha umene unali wofunika, pepala silinauze munthu aliyense.

Pa 28 Okutobala a Kassimu anabweretsa kalata yawo. Inkanena kuti pulani C sinafike, mitambo yayamba kusonkhana, simenti ili m'shedi, ndipo ngati salandira lamulo lolembedwa lowaimitsa, ayala mapaipi motsata pulani B imene ili ndi chidindo chomangira, n'kuthira silabu pa 4 monga maminitsi akunenera. Mwawi ndi amene anailandira n'kuidinda tsiku. Madzulo ake anapita nayo kunyumba kwa a Masiye. Akazi awo anamulandirira pakhonde, anatenga envelopu, n'kunena kuti abambo sakuzindikira bwino, adzawerenga akapeza bwino. Ndinamufunsa ngati anawauza kuti ndi nkhani yoti singadikire. Anati anawauza. Ndinamufunsanso ngati anafotokoza za 4.2. Anapukusa mutu. Akanayamba bwanji, pakhonde la mwini wake, kwa mayi amene mwamuna wake akubuula m'nyumba?

Loweruka tinakwera minibasi tonse awiri kupita ku Area 23. Tinapeza mapaipi atayalidwa kale kuloza kumadzulo, anthu akusinja dothi pamwamba pake. A Kassimu anali ataima pamulu wa miyala.

"Bambo Kassimu, chonde dikirani sabata imodzi yokha," anatero Mwawi.

"Amayi, ine ndimakulemekezani. Koma mwabwera ndi pepala la siginecha ya a Masiye?"

"Ayi."

"Nanga a Kizito, inu mungasayine kuti ndiime?"

Sindikanatha. Wojambula alibe mphamvu yoimitsa kontirakitala, ndipo iwo ankadziwa.

"Ndiye mukundiuza chiyani? Mvula ikagwa pano dothi lonseli likhala phala, simenti iuma m'matumba, ndipo adzati Kassimu wachedwetsa ntchito. Ine ndinamva ndi makutu anga kuti kalata ndi ya madala aja. Koma pepala lanu likuti onse. Milungu inayi palibe wandiuza kanthu, ndiye ine ndinaganiza kuti mwina onsewo agwirizana kuti thanki ikhale pomwepo. Kalata ndalemba, yankho palibe. Nditani?"

Tinakwera minibasi yobwerera. Pa Biwi Mwawi anatsika kuti ayende wapansi, akuti mutu ukumupweteka. Lolemba pa 4 Novembala silabu inathiridwa, yosalala bwino, ntchito yaukhondo monga mwa a Kassimu. Lachitatu mvula yoyamba inagwa.

A Masiye anabwera ku ofesi sabata yomweyo ataonda, lamba atabowola bowo lina. Anawerenga kalata ya a Kassimu, anatulutsa maminitsi, ndipo ndinaona chala chawo chikuima pa 4.2. Kenako anaitana Mwawi n'kutseka chitseko, koma chitseko chake chinali cha pulayiwudi wopyapyala, zonse zinkamveka.

"Ine ndinati a Zgambo. Unamva?"

"Ndinamva, bwana."

"Ndiye chinachitika n'chiyani?"

"Ndinalakwitsa potayipa."

"Mwawi, zaka zonsezi sunalakwitsepo ngakhale tsiku la mwezi. Munthu salakwitsa dzina n'kukhala onse. Anakuuza ndani?"

"Palibe, bwana. Ndinalakwitsa ndine."

Anamufunsa katatu, katatu konse yankho linali lomwelo. Atatuluka ndinamunong'oneza kuti aulule, ine ndichitira umboni za m'galimoto zija. Anandiyang'ana ngati ndine mwana.

"Ndikaulula ndiye kuti ndinasintha dala maminitsi. Mlembi wotero angamulembe ntchito ndani? Ndipo ndikatero asibweni ndawavula pagulu. Ana anga akadzadwala ndidzagogoda pakhomo la ndani? Ndikadzafa ine, adzawatenga ndani? Iwe Kizito, usiye."

Ndinasiya. Ndinganene kuti ndinasiya chifukwa anandipempha, ndipo n'zoona, koma mumtima ndinapumanso. Nanenso ndinaona mankhwala oyera aja akupakidwa ndipo sindinauze munthu.

Sabata yotsatira wa zaumoyo anayendera malowo, anayeza mtunda wa ku chitsime, n'kuletsa kukumba thanki kumadzulo. Bungwe lothandiza lija linatumiza mayi wina wochokera ku ofesi yawo, a Salama, ndipo anaitanitsa msonkhano wapadera Lachinayi pa 21 Novembala, m'kashedi komwe kaja, mvula ikulira pamalata. Mwawi anakhala pamalo ake ndi kope lake, poti mlembi anali yemweyo.

A Latif anafotokoza kuti tsopano silabu iyenera kuswedwa mzere wonse kuchokera ku zimbudzi mpaka kum'mawa, khoma la maziko libowoledwe, mapaipi ayalidwenso. A Kassimu anati ndi mvula imeneyi ntchitoyo idya miyezi iwiri. A Salama sankakweza mawu. Anatsegula fayilo yawo n'kufunsa funso limene Mwawi ankafunsa zaka zonse.

"Mfundo 4.2, amayenera kuchita ndani?"

"Pamsonkhano ndinatchula a Zgambo," anatero a Masiye.

A Zgambo anavula magalasi. "Tinakambirana zambiri tsiku limenelo, ndipo ine ndakalamba, sindingasunge zonse m'mutu. N'chifukwa chake pamakhala maminitsi. Ine ndinatsata zimene zinalembedwa ndi kusayinidwa."

A Kassimu anatsegula pakamwa, kenako anatseka. A Latif ankayang'ana tepi yawo. Onsewo anamva zimene zinanenedwa pa 3 Okutobala, koma pepala losayinidwa linali patebulo, ndipo palibe amene ankafuna kuuza mkulu wa mpingo pamaso pa mlendo kuti akunama, pamene mawa adzamufunanso kuti avomereze ntchito. Ine ndinali ndi nkhani yonse pakamwa. Ndinayang'ana Mwawi, iye anapukusa mutu pang'ono chabe, pensulo ikuyendabe.

"Analemba ndani maminitsiwa?" anafunsa a Salama.

"Ndine, mayi," anatero Mwawi. "Ndinalakwitsa potayipa."

"Mumukhululukire," anatero a Zgambo ndi mawu achifundo. "Ndi mwana wanga ameneyu, ndinamulera ndine. Ali ndi mavuto ambiri kunyumba, mutu sungakhale pamodzi."

Sindinadanepo ndi munthu ngati mmene ndinadanira ndi madala amenewo pa mphindi imeneyo. Ndipo Mwawi anati, "Yewo, asibweni," kuwathokoza.

A Salama anati iwo sanabwere kudzaweruza munthu, koma udindo wogwirizanitsa mapulani ndi wa ofesi ya a Masiye, ndipo bungwe lawo silingapitirize ndi ofesiyo ngati zolemba zake sizodalirika. Anagawa ntchito zatsopano. Kalata ya malo a kum'mawa anati akaitenga okha kwa abusa tsiku lomwelo, ndipo anakaitengadi. Amayi a dimba, atauzidwa kuti ndi za chipatala, anavomera nthawi yomweyo n'kupempha kuti angowalola athyole kaye ndiwo zawo. Nkhani imene inaimitsa ntchito milungu isanu ndi iwiri inatha pa theka la ola.

Koma tisanabalalike panali mfundo yomaliza. A Salama anati kuyambira msonkhano wotsatira maminitsi azilemba munthu wodziwa za mapulani, ndipo amene analemba olakwikawo asakhudzenso mapepala a ntchito imeneyi. A Masiye anayesa kunena kuti mayiyu wagwira bwino ntchito zaka zambiri. A Salama anati akumva, koma akuluakulu awo akufuna kuona kuti chinachake chasintha. Chaka chimenecho ofesi yathu inalibe ntchito ina yaikulu kupatula chipatalacho. Tonse m'kashedimo tinadziwa tanthauzo lake. A Masiye anayang'ana pansi n'kunena kuti Kizito akhoza kulemba.

Anthu anayamba kusuntha mipando. Ndipo Mwawi, mwina mwa chizolowezi chabe, anakweza pensulo.

"Pepani, achite ndani?"

A Masiye anadzutsa mutu.

"Ine," anatero a Masiye.

"Pofika liti?"

"Pa 29."

Lachisanu anatayipa maminitsi amenewo yekha. Ndinamupempha kuti nditayipe ine, anakana, akuti msonkhano umene walemba iye amaumaliza iye. Anali masamba atatu opanda pofufuta ngakhale pamodzi. Mzere womaliza unali wotere: 7.1, mlembi wa maminitsi asinthidwe ndipo mafayilo onse a chipatala aperekedwe kwa Kizito. Wochita, a Masiye. Tsiku lomaliza, 29 Novembala. A Masiye anawerenga tsamba lililonse asanasayine, mzere ndi mzere, iye ataimirira pambali pawo kudikira.

Sabata yomalizayo anandiphunzitsa ntchito yake. Anandionetsa mmene amaperekera manambala, kuti mfundo yakale isasinthe nambala mpaka itatsekedwa, ndi mndandanda wa oyenera kulandira mapepala. Anandiuza kuti ndisamalembe zimene anthu anena koma zimene agwirizana. A Masiye anamulembera kalata yabwino yomuchitira umboni, koma Lilongwe wa mainjiniya ndi makontirakitala anali mudzi waung'ono, nkhani inali itafika kale paliponse. Pambuyo pake anasamukira ku chipinda chimodzi ku Chinsapo, ndipo mtsikana wa mkulu wake uja anamutumiza ku Rumphi. A Zgambo anakhalabe wapampando mpaka chipatala chinatsegulidwa, ndipo pa mwambowo analankhula nthawi yaitali.

Pa 29 Novembala, nthawi ya hafu folo, Mwawi anaika makiyi a kabati patebulo langa, anavula nsapato za mu ofesi n'kuziika m'jumbo, anatsanzika a Masiye mwaulemu, n'kutsika masitepe. Ndinafuna kumuperekeza, anati ndikhale, foni ingalire popanda woyankha.

Lachinayi lotsatira ndinakhala pampando wake m'kashedi muja. A Masiye anawerenga mfundo za msonkhano wapita imodziimodzi. Ya a Latif inali isanathe. Ya injiniya wa zitsulo inali isanathe. A Kassimu anapempha masiku ena chifukwa cha mvula. Atafika pa 7.1 anaima pang'ono, n'kunena motsitsa kuti, "Yachitika."

Ndinalemba kuti yachitika pa tsiku lake, ndipo ndinaitseka.